Mwana wamfuti akatukwana m'buku, womasulira alembe chiyani?

M'chaka cha 2000 mlembi wa ku Ivory Coast, Ahmadou Kourouma, anatulutsa buku la nthano yaitali m'Chifalansa lotchedwa Allah n'est pas obligé. Wosimba nkhani m'bukumo ndi Birahima, mnyamata wa mtundu wa Amalinke wa zaka 10 kapena 12, pakuti ngakhale mwini wakeyo sadziwa bwinobwino chaka chimene anabadwa. Mayi ake atamwalira, iye ananyamuka ndi bambo wina wazitsamba dzina lake Yacouba kukafuna azakhali ake ku Liberia. M'njiramo anagwa m'manja mwa magulu ankhondo, napatsidwa mfuti, nakhala mmodzi wa ana omenya nkhondo ku Liberia ndi ku Sierra Leone. Bukuli linapata mphotho ya Renaudot ku France chaka chomwecho, ndipo mu 2006 linatuluka m'Chingerezi, womasulira wake ali Frank Wynne.

Birahima ndi wapakamwa poipa. Amatukwana akakwiya, amatukwana akatopa, amatukwana ngakhale pomaliza kusimba za maliro a mnzake. Aliyense wofuna kuika bukuli m'chinenero china amakumana ndi funso limodzi pafupifupi patsamba lililonse: kodi alembe chimene mawuwo akutchula, mmene chilili, kapena afune mawu amene munthu wa kwawo akanatulutsa zinthu zitamufika pakhosi chimodzimodzi? Njira ziwirizi zonse ndi zaulemu kwa mlembi, ndipo zonse zingathe kuwononga buku.

Tiyambe ndi mawu atatu a Chimalinke amene mnyamatayu sawasiya. Loyamba ndi "faforo", limene limatchula maliseche a bambo. Lachiwiri, limene tingalilembe kuti "nyamokode", limanena za mwana wapathengo. Lachitatu ndi "walahe", kulumbira m'dzina la Allah. Kourouma sanawasandutse Chifalansa. Anawasiya mmene alili, koma anapatsa Birahima mabuku anayi otanthauzira mawu, ndipo mwanayo amaima pakati pa nkhani n'kumamasulira yekha zimene wanena. Wynne naye anawasunga mawu atatuwa m'Chingerezi. Zotukwana za Chifalansa zimene zili m'bukumo ndiye anazifunira zinzake za m'misewu ya olankhula Chingerezi. Motero buku limodzi lomweli likuyenda njira zonse ziwiri: mawu amene mlembi anawasiya dala achilendo akhalabe achilendo, pamene mawu amene wowerenga wa ku France ankawamva ngati akwawo apatsidwa anzake akwawo kwa wowerenga watsopano. Kusiyanitsa kumeneku ndi kolondola, ndipo womasulira aliyense ayenera kuyambira pomwepo: kodi liwuli linali lachilendo kwa wowerenga woyamba, kapena linali la tsiku ndi tsiku?

Tsono tiyerekeze kuti bukuli tikulibweretsa m'Chichewa. Poyamba zioneka ngati ntchito yathu yaphweka kuposa ya Wynne. Ifenso tikafuna kumubaya munthu timatchula ziwalo za makolo ake. Mwana wapathengo tili nalo liwu lake. Ndipo amene anakhalako ndi Asilamu ku Mangochi kapena ku Machinga anamvapo munthu akulumbira kuti "walahi". Chimalinke ndi Chichewa zikuloza malo amodzimodzi, ndiye bwanji osangolemba liwu ndi liwu?

Msampha uli pomwepo. Mawu awiri angatchule chinthu chimodzi koma osalemera mofanana. M'kamwa mwa Birahima "faforo" ndi liwu loperepeseka chifukwa chogwiritsidwa ntchito kawirikawiri. Nthawi zambiri sakuuza munthu aliyense. Ndi mfuu chabe, yotsekera chiganizo, yotulutsira mkwiyo wa mwana amene waona zinthu zosayenera kuonedwa ndi mwana. Kwathu kuno kutchula maliseche a bambo a munthu si mfuu ayi. Ndi mawu amene amautsa ndewu, amene amafikitsa anthu kubwalo kwa amfumu. Womasulira akawalemba motero paliponse pamene Birahima wafuula, wowerenga wathu aona mwana wamisala amene akunyoza makolo a anthu popanda chifukwa, ndipo atseka buku asanafike pamene mwanayo akufunika kumveredwa chisoni. Tanthauzo lasungidwa, koma munthu wa m'nkhaniyo wasinthika.

Kulakwa kwa mtunduwu kumachitikanso mobwerera. Olankhula Chifalansa a ku Quebec, m'dziko la Canada, akapsa mtima kwenikweni amatchula ziwiya za m'tchalitchi cha Katolika: kabokosi kosungiramo Ukaristia, chikho cha pa Misa, mkate wopatulika. Kumeneko mawuwa ndi oopsa, chifukwa kwa zaka zambiri mpingo unali ndi mphamvu pa sukulu, pa zipatala ndi pa moyo wa m'banja, ndipo anthu amatukwanira chimene amachiopa. Koma lembani m'Chichewa munthu akumenya tebulo n'kukuwa kuti "chikho cha pa Misa!" Wowerenga adzadabwa, mwina kuseka kumene. Apa kumasulira liwu ndi liwu kwapeputsa chimene chinali cholemera, pamene kwa Birahima kunalemeretsa chimene chinali chopepuka.

Ndiye kulemera kwa chitukwano timakudziwa bwanji, poti buku lotanthauzira mawu silinena? Ine ndimati yankho lili m'nkhani momwemo, m'mizere yotsatira. Onani chimene chachitika liwulo litatuluka. Kodi womvayo waponya chibakera? Waseka? Wangopitiriza kudya ngati sanamve? Kodi akuluakulu amene ali pomwepo adzuma? Mlembi waluso amaonetsa kulemera kwa mawu kudzera mwa anthu owamva, ndipo womasulira ayenera kusankha liwu la Chichewa limene lingabale zotsatira zomwezo pakati pa anthu athu. Ngati m'nkhani munthu watukwanidwa n'kuseka, liwu lathu likhale loti Mmalawi angalimve n'kuseka. Ngati watulutsa mpeni, liwu lathu likhale loti wowerenga avomereze kuti apa mpeni unayeneradi kutuluka.

Tiyeni tiyese ndi chitsanzo chopeka, chosachokera m'buku la Kourouma koma cha dziko lofanana nalo. Mnyamata wamfuti ali pamalo otchingira magalimoto, ndipo tsiku limodzi akutulutsa liwu lomwelo lotchula maliseche a bambo katatu.

Koyamba ali yekha m'mawa. Wavundukula mphika n'kupeza kuti anzake amaliza mpunga wonse. Palibe amene akumumva. Apa liwulo likugwira ntchito ya kudzuma, ndipo Chichewa chili ndi zake: "Asaa! Zamanyi basi." Mwanayo wamveka wamwano, wosaleredwa, koma sananyoze kholo la munthu aliyense, monganso sananyoze m'chinenero choyambacho.

Kachiwiri ndi masana. Mnzake wamsinkhu wake wamulanda ndudu, ndipo mzere wotsatira ukuti awiriwo anathamangitsana akuseka. Kusekako kwatiuza zonse. Awa ndi mawu a pachinyamata, onga amene asuweni amagemulana popanda kusungirana kukhosi. "Galu iwe, bweretsa fodya wanga!" akukwana. Tikaika mawu okhudza bambo ake a mnzakeyo, kuseka kwa mumzere wotsatira sikumvekanso, ndipo wowerenga aganiza kuti mlembi sadziwa anthu.

Kachitatu ndi madzulo. Lole yaima, ndipo nkhalamba ina yaimvi ikuchedwa kutsika. Mnyamatayo akuiuza liwu lija pamaso, anthu onse n'kukhala chete, mayi wina n'kubisa nkhope m'chitenje. Apa ndiye pofunika kulemera konse, ndipo apa pokha m'pamene kumasulira chimene liwulo likutchula kuli koyenera. Womasulira asachite mantha: alembe chitukwano chenicheni chokhudza makolo, chifukwa cholinga cha mlembi n'chakuti wowerenga anyansidwe poona dziko limene mwana akulalatira agogo ake. Komanso Chichewa chili ndi chida china chimene Chingerezi chilibe. Mwana wa zaka 12 kuuza nkhalamba kuti "Tsika iwe, kankhalamba iwe!" wapalamula kale kawiri asanatukwane n'komwe. Wanena "iwe" pamene pafunika "inu", ndipo ndi "ka" uja wachepetsa munthu wamkulu kukhala kanthu. Makutu athu amamva kupweteka kwa zimenezi msanga kuposa mmene amamvera liwu lobwereka.

Liwu limodzi, mamasulidwe atatu. Ena amatsutsa njira imeneyi, ndipo mfundo yawo si yopanda pake. Amati mlembi akabwereza liwu limodzi m'buku lonse amatero dala, kuti likhale chizindikiro cha munthuyo, ndipo womasulira akalisinthasintha chizindikirocho chimatayika. Kwa Birahima zimenezi n'zoona ndithu. Mfuu zake zitatu zija zimabwerabwera kumapeto kwa zigawo za nkhani, ndipo wowerenga amafika poziyembekezera. N'chifukwa chake pa buku limeneli ine ndikanachita monga anachitira Wynne: kusiya "faforo" mmene alili, Birahima n'kulimasulira yekha koyambirira monga amachitira kale, kenako liwulo lizingolira lokha. Wowerenga wadziwa tanthauzo lake kamodzi, koma sakubayidwa nalo m'Chichewa patsamba lililonse. Njirayi imatheka chifukwa Kourouma anaitsegula yekha ndi mabuku anayi aja. M'buku limene mlembi sanapereke mpata wotere, womasulira sangangosiya mawu achilendo n'kumadzaza m'munsi mwa tsamba ndi ndemanga. Munthu amene watsitsa maso kukawerenga ndemanga pakati pa mkangano, pobwerera apeza mkanganowo utazizira.

Pali nthawi inanso imene tanthauzo lenileni la chitukwano silingasiyidwe, ndiyo pamene nkhani yatsamira pa tanthauzolo. Munthu akanenedwa kuti mwana wapathengo, kawirikawiri wonenayo sakuganiza n'komwe za kubadwa kwake, ndipo womasulira angathe kuika "chitsiru" kapena "galu" osataya kanthu. Koma ngati mitu isanu kutsogoloku tidzamva kuti munthuyo sadziwadi bambo ake, ndiye kuti liwu lija linali muvi wolunjika pabala. Womasulira amene analisintha kukhala "galu" wadula ulusi umene mlembi anaulumikiza mosamala. Ichi n'chifukwa chake womasulira wanzeru sayamba kulemba asanawerenge buku lonse mpaka kumapeto.

Omasulira ambiri osamala amachita ntchito ina yotopetsa asanamasulire chiganizo choyamba. Amatenga kope n'kulembamo chitukwano chilichonse cha m'bukumo, tsamba lake, amene wanena, amene wauzidwa, ndi chimene chatsatira. Akatero zinthu zimaonekera zimene sizioneka powerenga wamba. Mwina apeza kuti mkulu wa asilikali amatukwana ndi mawu achipembedzo okhaokha, pamene ana amatukwana ndi za kuchimbudzi. Mwina apeza kuti mayi wina satukwana buku lonse kupatula kamodzi, tsiku limene mwana wake waphedwa. Kamodzi kameneko n'kofunika kuposa zotukwana zonse za Birahima, ndipo liwu lolemera koposa la m'Chichewa liyenera kusungidwira mayiyo. Likagwiritsidwa ntchito patsamba loyamba pa nkhani ya mpunga, pofika pa maliro womasulira adzakhala alibenso chokweza nacho mawu. Zili ngati tsabola: ukathira yense m'ndiwo za m'mawa, zamadzulo zidzakhala zozizira.

Kopelo limathandizanso kupatsa munthu aliyense pakamwa pakepake. Chichewa sichisowa zosankha. Pali zotukwana za nyama, monga galu, mbuzi ndi fisi. Pali zonyoza nzeru, monga chitsiru, chidempete ndi chindere chakufikapo. Pali zoneneza, monga mfiti ndi hule, zimene si mfuu chabe koma milandu, ndipo womasulira azisamala nazo chifukwa kunena munthu kuti mfiti kumabweretsa m'nkhani chinthu chimene mlembi mwina sanachiganize. Palinso zobwereka, monga "futseki", limene linabwera ndi anthu ochokera kumigodi ya ku Joni, ndi "shupiti" wa m'tauni. Zobwerekazi zimanena za mbiri ya wolankhulayo. "Futseki" akukhala bwino m'kamwa mwa msilikali woyendayenda, koma m'kamwa mwa agogo a m'mudzi wa Amalinke akumveka ngati agogowo anakhalako ku Johannesburg. Apa m'pamene pali malire a kufuna mawu akwathu: akapitirira muyeso, nkhani imasamuka. Birahima akayamba kulankhula ngati woitanira minibasi ku Limbe, wowerenga amaiwala kuti ali m'nkhalango za Liberia. Mawu akwathu amene alibe fungo la dera limodzi kapena la chaka chimodzi ndiwo amakhalitsa. Chinenero cha achinyamata chimasintha msanga, ndipo liwu lotchuka lero lidzamveka lachikale bukulo lisanathe m'sitolo.

Sitingabise kuti Chichewa cholembedwa chili ndi vuto lakelake pa nkhaniyi. Chinakulira m'tchalitchi ndi m'kalasi. Buku Lopatulika linamalizidwa mu 1922, ndipo mabuku ambiri a nthano amene anatsatira, kuyambira Nthondo wa Samuel Josia Ntara wa mu 1933, anadzera m'manja mwa amishoni kapena analembedwa poganizira ana asukulu. Mu 1968 kunabweranso lamulo lounika mabuku ndi zisudzo. Si kuti Achewa sadziwa zolaula. Aliyense amene anamvapo nyimbo za kudambwe kapena za kuchinamwali akudziwa kuti zilipo, ndipo zili ndi malo ake. Koma maso athu sanazolowere kuziona zitasindikizidwa. Liwu limene pamsika limangodutsa m'khutu, papepala limaoneka lalikulu kawiri. Womasulira ayenera kuwerengera zimenezi. Nthawi zambiri kutsika sitepe imodzi pa kulemera kwa liwu kumapatsa wowerenga wathu kugunda kwa mtima kofanana ndi kumene wowerenga wa ku Paris anamva, iye amene anazolowera zotere m'mabuku kuyambira masiku a Émile Zola.

Kutsika sitepe imodzi n'kosiyana ndi kuchapa buku lonse. Chitsanzo chodziwika ndi cha The Catcher in the Rye, buku la J. D. Salinger la mu 1951, la mnyamata wa ku America wolankhula mwamwano. Rita Rait-Kovaleva analimasulira m'Chirasha mu 1960, nthawi imene boma la Soviet Union linkaunika chilichonse chosindikizidwa, ndipo chinenero cha mnyamatayo chinatuluka chofewa ndi chaulemu kuposa mmene chinalili. Anthu analikonda kwambiri bukulo. Mu 2008 Maksim Nemtsov atatulutsa kumasulira kwina kwa mawu okhadzula a mumsewu, owerenga ambiri anakwiya, poti mnyamata amene anakula naye sanali wotero. Mibadwo iwiri inadziwa munthu wina amene Salinger sanalembe ndendende. Kwa Birahima kuchapa kotere kungakhale koipa kwambiri, chifukwa pakamwa pake ndi umboni wa chimene nkhondo yamuchita. Mwana wakupha anthu koma wolankhula ngati wa m'kwaya ndi bodza, ndipo bodzalo limapeputsa mlandu wa akuluakulu amene anamupatsa mfuti.

Choncho nkhani ya malire iyenera kukambidwa ndi wosindikiza ntchito isanayambe, osati itatha. Womasulira amasulire masamba angapo ovuta kwambiri, awapereke, agwirizane kuti bukuli ndi la akuluakulu kapena la sukulu. Ngati ndi la sukulu ndipo zambiri zichotsedwa, pachikuto palembedwe poyera kuti lafupikitsidwa. Choipitsitsa ndi pamene mkonzi adzera m'mbuyo n'kumafufuta mawu apa ndi apo. Zotsatira zake ndi munthu amene patsamba lina akutukwana ngati woledzera, patsamba lotsatira akuti "pepani", popanda chimene chamusintha. Madontho oika m'malo mwa zilembo nawonso sathandiza kwenikweni. Amakopa maso kuposa liwu lenilenilo, ndipo amakumbutsa wowerenga kuti pali wina amene waima pakati pa iye ndi nkhani.

Pamene liwu lina latayika chifukwa Chichewa chilibe mnzake, womasulira angabweze mphamvuyo pamalo ena apafupi. Ngati chitukwano cha pakati pa chiganizo sichikukhala bwino, mwano ungalowe mu mneni. Munthu waulemu amati wina wamwalira kapena watisiya, pamene mwana ngati Birahima anganene kuti wafa, kapenanso kuti waphedwa ngati nkhuku. Waulemu amati akudya, wamwano amati akulikwira kapena akuphwasula. "Chi" wokuza moipa, monga "chimutu chakecho", ndi "ka" wochepetsa uja zimagwira ntchito imene zinenero za ku Ulaya zimagwira ndi mawu otukwana oikidwa patsogolo pa dzina. Zinenero zimenezo zimatha kulowetsa chitukwano chimodzi katatu m'chiganizo chimodzi. Chichewa chikatsanzira kamangidwe kameneko chimatsamwa, chifukwa ife chitukwano timachiika koyambirira kapena kumapeto, nthawi zambiri ndi "iwe" pambuyo pake.

Kuyesa komaliza ndi kwa khutu. Womasulira apeze anthu angapo osiyana misinkhu ndi madera, wina wa ku Dedza, wina wa ku Blantyre, wina wa ku Chipata ngati n'kotheka, awawerengere mokweza zigawo za mikangano, iye n'kumayang'ana nkhope zawo. Akaseka pamene nkhani ili yachisoni, liwulo lapepuka kapena lamveka lachilendo. Akachita tsinya pamene anthu a m'nkhani akungocheza, liwulo lalemera. Akalephera kudziwa amene akulankhula popanda kuuzidwa dzina, ndiye kuti anthu onse apatsidwa pakamwa pamodzi, ndipo womasulira abwerere ku kope lija. Madera amasiyananso: liwu limene kumudzi wina ndi la nthabwala za asuweni, kwina ndi loti mwana akalitchula amakwapulidwa, ndipo pamene omverawo asemphana chonchi ndi bwino kufuna liwu lina limene onse alimva mofanana, ngakhale litakhala losakoma kwambiri ngati loyambalo.